Nthochi zomwezo: wina adye, wina asiye

Amayi anzanga, tikamva kumphakati kuti mnzathu wagona, sitipita chimanjamanja. Kuno ku Thyolo dengu la wodwala timalidziwa tonse: phava la nthochi, mapeyala awiri kapena atatu, kabotolo ka zakumwa zoziziritsa kukhosi, ndipo ngati mwezi watha bwino, kamulu ka usipa. Kwa wodwala malungo kapena mayi amene wangochira kumene, dengu limeneli ndi dalitso. Kwa munthu amene impso zake zafooka kwambiri, dengu lomweli likhoza kumuthamangitsira kuchipatala usiku. Koma musafulumire kunena kuti ndiye odwala impso onse tiwaletse nthochi, chifukwa kumeneko ndi kulakwitsanso, ndipo ndaona anthu akuwonda nako. Ndikufotokozereni za mayi mmodzi wothyola tiyi pa esiteti ina kuno. Dzina lake ndisunga. Malangizo amene tinamupatsa poyamba ndi amene tinamupatsa patapita zaka zinayi anali osiyana, koma onse anali oona.

Impso ndi sefa ya thupi. Zimachotsa m'magazi madzi otsala, mchere wotsala ndi zinyalala zochokera ku chakudya, n'kuzitulutsira mumkodzo. Zikamawonongeka pang'onopang'ono kwa miyezi yoposa itatu, timati munthu ali ndi matenda a impso a mgonagona. Kawirikawiri gwero lake ndi kuthamanga kwa magazi kapena shuga. Kuchipatala amayeza magazi, ndipo m'buku la kuchipatala amalemba nambala pafupi ndi zilembo izi: eGFR. Mukhoza kuiwerenga ngati maperesenti a ntchito imene impso zikugwirabe. Kuyambira 90 kukwera ndi gawo loyamba, 60 mpaka 89 ndi gawo lachiwiri. M'magawo awiriwa sefa ikugwirabe ntchito, chimene chimaulula matenda ndi mkodzo, umene nthawi zina umachita thovu losatha msanga. Gawo lachitatu ndi 30 mpaka 59, lachinayi ndi 15 mpaka 29, ndipo nambala ikatsika kuposa 15 ndi gawo lachisanu, pamene madokotala amayamba kukamba za makina osefa magazi, aja amati dayalisisi.

Mayi wathuyu anayamba kuthamanga magazi pa mimba yake yomaliza, ndipo sanabwerenso kudzayezetsa atachira. Ngati mzamba, ichi chimandiwawa: mayi amene anatupa ndi kuthamanga magazi ali woyembekezera timamuiwala mwana akangoyamba kuyenda, pamene ndiye woyenera kumamuyeza chaka ndi chaka. Atabwera mutu ukumuwawa, nambala yake inali 48. Gawo lachitatu. Anali wa makilogalamu 55.

Anabwerera kwawo ndi mawu awiri okha, "matenda a impso", ndipo aliyense anamuwonjezera lake lamulo. Wina anati asiye nyemba, wina anati nthochi ndi poizoni, mlamu wake amene anadikirirapo wodwala ku Gulupu ku Blantyre anati masamba onse, nsomba ndi mazira ayi. Mlamuyo sankanama, anamvadi zimenezo m'wodi ya anthu a gawo lachisanu. Patatha miyezi itatu mayiyu anabwera ali ndi makilogalamu 50, chitenje chikuzungulira kawiri. Ankadya nsima ndi kabichi basi, chakudya chamasana cha ku esiteti ankachisiya chifukwa ndiwo zake zinali nyemba, ndipo dengu lake pasikelo linali litapepuka moti malipiro anatsika. Tinayang'ana zotsatira za magazi ake: potaziyamu anali 4.3, wabwinobwino. Panalibe chifukwa chilichonse chomuletsera nthochi.

Potaziyamu ndi mtundu wa mchere wa m'thupi umene umathandiza minofu ndi mtima kugwira ntchito. Amapezeka kwambiri mu zipatso, masamba, nyemba ndi mbatata. Impso zikakhala ndi mphamvu zimataya wotsala, ndipo kwa munthu wothamanga magazi zakudya zimenezi zimathandiza kutsitsa magaziwo. M'magazi ayenera kukhala pakati pa 3.5 ndi 5.0. Akapitirira 5.5 timayamba kuda nkhawa, akafika 6.0 kapena kuposa ndi nkhani ya lero lomwe, chifukwa mtima ukhoza kusokonekera kagundidwe n'kuima. Choopsa chake n'chakuti nthawi zambiri sachenjeza. Ena amamva kufooka kwa miyendo, dzanzi kapena mtima kudumphadumpha, ena samva kanthu. Ndiye simungamudziwe poyang'ana nkhope ya munthu. Amadziwika poyeza magazi, ndipo munthu amachepetsa zakudya za potaziyamu pokhapokha magazi ake asonyeza kuti wakwera. Anthu ambiri a gawo loyamba, lachiwiri ndi chiyambi cha lachitatu safunika kutero.

Chimene mayiyu ankafunika kuchepetsa nthawi imeneyo ndi mchere wa m'khitchini, chinthu chokhacho chimene aphungu ake onse anachiiwala. Mulingo wake ndi wosafika magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi kosasefukira, kuwerengera pamodzi wa m'ndiwo, wa mu nsomba zouma ndi wa mu timibulu tokometsera ndiwo togula m'magolosale. Lamulo la mchereli ndi lokhalo limene silisintha kuyambira gawo loyamba mpaka lachisanu. Mchere umakweza magazi ndi kusunga madzi m'thupi, ndipo magazi othamanga ndiwo amamaliza impso zofooka. Njira yapafupi ndi kumupatulira wodwala ndiwo zake musanathire mchere mumphika wa banja, ndi kuchotsa kambale ka mchere pamphasa.

Nanga zakudya zomanga thupi, zija timati mapuloteni? Apa ndikufuna tiwerengere limodzi, chifukwa ndi pamene anthu amadzipha ndi njala. N'zoona kuti mapuloteni akagayidwa amasiya zinyalala zimene impso zimayenera kusefa, ndipo munthu wodya nyama yambiri tsiku ndi tsiku amazitopetsa. N'chifukwa chake malangizo a akatswiri a impso a m'chaka cha 2024 amati munthu wa gawo lachitatu mpaka lachisanu, amene sali pa makina, adye magalamu 0.8 a mapuloteni pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwake pa tsiku. Mayi wa makilogalamu 55 ndiye kuti magalamu 44. Tsopano tiyang'ane mbale yake. Ufa nawo uli ndi mapuloteni: phala la m'mawa ndi nsima kawiri, za ufa wokwana magalamu 300, zimamupatsa magalamu opitirira pang'ono 20. Kapu imodzi ya nandolo wophika ndi magalamu 11. Dzira limodzi ndi 6. Masamba ndi kachidutswa ka buledi zimakwaniritsa otsalawo. Mwaona? Mayi wodya monga timadyera pa nyumba zambiri za pa esiteti ali kale pa mulingo, ndipo masiku ena safikapo n'komwe. Langizo loti "chepetsani mapuloteni" linalembedwa poganizira anthu odya nyama mbale yodzaza kawiri pa tsiku. Kwa iye linkatanthauza chinthu chaching'ono: pa ukwati kapena pa Khirisimasi asaunjike nyama, nkhuku ndi nyemba m'mbale imodzi.

Tinamubwezera nyemba zake, dzira lake ndi nthochi yake imodzi pa tsiku. Tinamuuzanso kuti m'munda wa tiyi, dzuwa likuswa mtengo, azimwa madzi akamva ludzu, chifukwa wina anali atamuuza kuti madzi amatopetsa impso. Pa gawo lake, ndipo alibe kutupa, kuuma kukhosi ndiko kukanamuvulaza. Thupi linabwerera.

Zaka zinayi zinadutsa. Anabweranso mwezi wa Febuluwale, nthawi imene tiyi amaphuka kwambiri ndipo othyola amaweruka msana utauma. Anati miyendo ikulemera ngati yamangiriridwa miyala, ndipo usiku thupi limayabwa. Nambala ya impso inali itatsika kufika pa 19, gawo lachinayi. Potaziyamu anali 5.9.

Tinakhala naye pansi n'kumufunsa zimene wadya sabata imeneyo, tsiku ndi tsiku. Inali nyengo ya mapeyala, ndipo mtengo wa kuseri kwa nyumba yake unkagwetsa okha. Ankadya limodzi m'mawa ndi tiyi, lina madzulo. Theka la peyala lapakatikati lili ndi mamiligalamu a potaziyamu pafupifupi 500, ndipo mapeyala athu a kuno mukuwadziwa kukula kwake. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi 400. Kapu ya bonongwe wophika imapitirira 800. Munthu amene wauzidwa kuchepetsa potaziyamu nthawi zambiri amapatsidwa malire a pafupifupi 2000 pa tsiku lonse. Mapeyala awiri okha anali atamufikitsa kale pamenepo nsima isanaphikidwe.

Koma chimene chinandiimitsa mutu ndi ndiwo za madzulo. Masiku atatu otsatizana anadya therere la chidulo. Amayi, chidulo timachikonda, chimafewetsa chigwada ndi therere kuposa soda, ndipo sichifuna ndalama. Koma taganizani chimene chili. Timawotcha zitsononkho, makoko a nyemba kapena a nthochi, n'kusefa madzi pa phulusa lake. Potaziyamu yense amene anali mu zomerazo sapsa ndi moto, amatsala m'phulusa, ndipo madzi aja amamusungunula. Chidulo ndi potaziyamu wosungunuka. Ngakhale dzina lakelo azungu analitenga ku phulusa losefedwa mumphika chimodzimodzi. M'mabuku a zakudya za odwala impso ochokera kunja simudzapezamo chidulo, chifukwa olembawo sachidziwa, ndipo wodwala akafunsidwa zimene wadya amangoti therere. Munthu wa potaziyamu wokwera asalawe ndiwo za chidulo. Soda alibe potaziyamu, koma ndi m'bale wake wa mchere, choncho akhale wa kunsonga ya supuni ndiponso mwa apo ndi apo. Chenjeraninso ndi mchere wina wa m'masitolo akuluakulu umene amaulemba kuti ndi wabwino kwa othamanga magazi: m'malo mwa mchere wamba amaikamo potaziyamu.

Sichinali chakudya chokha. Mayiyu ankamwa mankhwala a magazi olembedwa enalapril, amene amateteza impso koma amakwezako potaziyamu. Amenewo sasiyidwa mwa wekha. Dokotala ndiye amaona ngati achepetse. Pamwamba pake, chifukwa cha msana, ankagula bulufeni pa okala n'kumamwa m'mawa ndi madzulo. Bulufeni, indosidi ndi anzawo amachepetsa magazi opita ku impso ndipo amakwezanso potaziyamu. Wodwala impso akamva kupweteka amwe panado, ndipo mankhwala azitsamba a m'mabotolo olonjeza kutsuka impso awatalikire. Analinso atatha masiku osachita chimbudzi. Impso zikafooka matumbo ndiwo amathandiza kutulutsa potaziyamu, ndiye kudzimbidwa kumamusunga m'thupi. Mukaona zonsezi mumvetsa chifukwa chake sitithamangira kuloza chala nthochi.

Tsopano malangizo anatembenuka, ndipo ena mwa iwo akutsutsana ndi zimene ife anamwino takhala tikukuphunzitsani kusikelo ya ana. Tinkati musataye madzi a masamba, muli mavitamini. Tinkati idyani mgaiwa, ufa woyera ndi wosaguluka. Tinkati tenderani ndiwo ndi nsinjiro. Zonsezo n'zoona kwa ana anu, kwa amayi oyembekezera ndi kwa inu. Kwa munthu mmodzi yekhayu pa nyumba zimasintha.

Potaziyamu amasungunuka m'madzi, choncho tikhoza kumuchotsako pophika. Mbatata, mbatatesi ndi chinangwa muzisende, muzidule tizidutswa tating'ono, muziwiritse m'madzi ambiri omiza bwinobwino, ndipo zikapsa madziwo mutaye. Kudula ndiko chinsinsi: mbatata yophikidwa yathunthu ndi makoko ake imasunga potaziyamu wake, ndipo yootcha kapena yokazinga ngati tchipisi sitaya kalikonse. Masamba muwadule, muwawiritse m'madzi ambiri, mukhetse, kenako muwakazinge ndi mafuta pang'ono ndi anyezi. Tomato akhale mmodzi wamng'ono, osati mulu. Nyemba ndi nandolo wouma muziviike usiku wonse, mutaye madziwo, muwiritse m'madzi atsopano, ndipo wodwala apatsidwe theka la kapu popanda msuzi wambiri. Njirayi imachepetsa, sichotsa yense, ndiye mulingo ukufunikabe. Kabichi ali ndi potaziyamu wochepa kuposa bonongwe ndi nkhwani. Pa zipatso, kagawo ka chinanazi n'kabwino kuposa nthochi, peyala kapena gwafa. Futali, amene ndi mbatata ndi nsinjiro pamodzi, adikire kaye.

Chakudya cha ku esiteti chinali vuto, chifukwa mphika wa anthu mazana sangauphike mwapadera chifukwa cha munthu mmodzi. Tinagwirizana kuti asasiye kudya monga anachitira poyamba paja: atenge nsima yake, atenge nyemba zochepa, msuzi ausiye.

Kuyabwa kuja kunatifikitsa ku fosifolasi. Uyu ndi mchere wina, umene pamodzi ndi kashiamu umamanga mafupa. Impso zikafika gawo lachinayi ndi lachisanu zimalephera kumutaya, ndipo akachuluka m'magazi amakoka kashiamu kuchoka m'mafupa n'kukamuunjika m'mitsempha ya magazi. Sapha mwadzidzidzi ngati potaziyamu. Amagwira ntchito yake mwa miyezi ndi zaka: mafupa kuwawa ndi kuthyoka msanga, mitsempha kuuma, khungu kuyabwa. Chofunika kudziwa n'chakuti thupi silimutenga mofanana ku zakudya zonse. Wa mu nyemba, mtedza ndi chimanga thupi limatengako wosafika theka. Wa mu nyama, nsomba ndi mkaka limatenga wochulukirapo. Wothiridwa ku fakitale, monga wa mu zakumwa zakuda za kola, soseji ndi poloni, limamutenga pafupifupi yense. Ndiye poyambira ndi botolo lija timaika m'dengu la wodwala, osati nyemba.

Usipa, bonya ndi matemba ndi nkhani yovutirapo, chifukwa ndi ndiwo zimene thumba lathu limakwanitsa. Timazidya ndi minga yomwe, ndipo mingayo ndi nkhokwe ya fosifolasi. Zina zimakhalanso zothira mchere poumitsa. Kwa mwana ndi chakudya chomanga mafupa. Kwa wa gawo lachinayi zikhale za kamodzikamodzi, kadzanja kochepa, zoviikidwa ndi kutsukidwa kaye. Nsomba yaikulu yochotsa minga kapena dzira ndi zabwinoko. Ufa woyera, umene gaga ndi mtima wa chimanga zinachoka pokonola, uli ndi fosifolasi ndi potaziyamu wochepa kuposa mgaiwa, ndiye uyu ndi wodwala mmodzi amene namwino angamuuze kuti adye nsima yoyera. Tiyi wathuyu kapu imodzi kapena ziwiri alibe vuto, koma mkaka ukhale wongodetsa madzi. Ena dokotala amawapatsa mapiritsi a kashiamu ogwira fosifolasi m'matumbo. Amenewa amamwedwa pamodzi ndi chakudya, pakati pa kudya. Kuwamwa pogona m'mimba muli pululu sagwira kanthu.

Tsiku la mayiyu linakhala chonchi. M'mawa phala la ufa woyera lothira supuni ya mafuta ophikira ndi shuga pang'ono, popeza analibe matenda a shuga, kapena chinangwa chowiritsa chotaya madzi. Masana nsima ndi nyemba zochepa ku ntchito. Madzulo nsima, kabichi kapena mpiru wokhetsa madzi, ndi dzira limodzi. Mafutawo musawaone ngati mwanaalirenji. Munthu akachepetsa zakudya zambiri chonchi mphamvu imayenera kuchokera kwina, apo ayi thupi limayamba kudya minofu yake, ndipo minofu ikamasungunuka zinyalala m'magazi zimachulukanso. Dokotala anakonza mankhwala, bulufeni anasiyidwa, ndipo atayezanso patapita masiku ochepa potaziyamu anali atatsikira pa 5.0.

Mukamva kuti munthu wayamba dayalisisi, monga imene imachitikira ku chipatala cha Gulupu ku Blantyre ndi ku Kamuzu Central ku Lilongwe, dziwani kuti lamulo la mapuloteni latembenukanso. Makina aja posefa magazi amachotsako ndi zomanga thupi, choncho munthu amafunika zochulukirapo, galamu 1.0 mpaka 1.2 pa kilogalamu. Mayi wa makilogalamu 55 amene ankauzidwa 44 tsopano afunika 55 mpaka 66, pamene potaziyamu, fosifolasi ndi madzi akumwa zimayang'aniridwa mwamphamvu kuposa kale, chifukwa zimaunjikana masiku a pakati pa ulendo wina ndi wina wa ku makina. Mwana wodwala impso ndi mayi woyembekezera sachepetsedwa mapuloteni potengera masamu ndawerengawa. Awo ali ndi malangizo awoawo. Ndipo nyengo ya Lenti ikafika, wodwala wotere asadzikakamize kusala kudya tsiku lonse. Mpingo sukakamiza odwala kusala, ndipo bambo mfumu adzakuuzani chimodzimodzi.

Tsono mukamakonzekera kukazonda mnzanu wodwala impso, yambani mwafunsa womusamalira, kapena mwiniwakeyo, mafunso awiri: kuchipatala anati ali pa gawo liti, ndipo potaziyamu wake anali bwanji ulendo womaliza? Ngati sakudziwa, mulimbikitseni akafunse ndi kupempha kuti azilembe m'buku lake. Ngati chipatala chaching'ono chilibe poyezera, apemphe kalata yopita ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Gulupu. Akati potaziyamu ali bwino, nyamulani nthochi zanu ndi mtima umodzi. Akati wakwera, m'dengumo muike ufa woyera, kabotolo ka mafuta ophikira, mazira angapo, kabichi ndi chinanazi. Mukamupeza watupa nkhope ndi miyendo, akupuma movutikira akagona, akusanza chilichonse, mkodzo wachepa kwambiri, kapena miyendo yafooka mwadzidzidzi, pempherani mwachidule, wina athamange kukafuna galimoto.